Foni siikuona tivi pokasita chonsecho zonse zili pa waifai: vuto limakhala pati

Mwatsegula vidiyo pa foni ndipo mukufuna ipite pa tivi kuti aliyense aone, mwadina kachizindikiro kokasitira kaja, ka makona anayi kokhala ndi timizere ta waifai pakona, koma mndandanda ukubwera wopanda kanthu, kapena ukungozungulira kuti ukufufuza mpaka mwatopa. Mukayang'ana pa foni intaneti ilipo, mameseji akulowa bwinobwino. Mukayang'ana pa tivi nakonso YouTube ikusewera popanda vuto. Ndiye munthu amayamba kuzimitsa ndi kuyatsa, kufufuta apu nkuikanso, ena amafika mpaka pobwezeretsa tivi mmene inabwerera ku fakitale nkutaya masetingi onse, chonsecho tiviyo ilibe mlandu. Ine zimandimvetsa chisoni chifukwa nthawi zambiri vuto lake ndi limodzi lomwelo, ndipo likhoza kudziwika mu mphindi ziwiri poyerekeza manambala awiri basi.

Mfundo yake ndi iyi, kukhala pa intaneti ndi kukhala pa netiweki imodzi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Foni ndi tivi zikhoza kufika pa intaneti zonse, kudzera pa laini imodzi yomweyo ya mnyumba, koma zokhazokha osaonana. Kukasita kumadalira kuonana kumeneku.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika mukadina kachizindikiro kaja. Foni siidziwa kuti tivi yanu ili pati, ilibe adiresi yake, ndiye imafunsa. Imaponya kauthenga kakang'ono mu netiweki ngati munthu amene waima pakhomo la chipinda nkuitana kuti kodi muno muli chipangizo cholandira kasiti? Pa Chromecast, kachipangizo ka Google kolumikiza pa tivi kuti izilandira kasiti, ndi ma tivi okhala ndi Google Cast mkati, funsoli limayenda pa njira yotchedwa mDNS, limapita ku adiresi ya gulu 224.0.0.251 pa poti 5353, ndipo dzina lomwe likufunsidwa ndi `_googlecast._tcp`. AirPlay ya pa iPhone imagwiritsa njira yomweyo, kungoti dzina lake ndi `_airplay._tcp`. Pali njira inanso yotchedwa SSDP, imeneyi imaitana pa 239.255.255.250 poti 1900, ndi yomwe ma tivi ambiri a simati amagwiritsa pa DLNA komanso potsegula ma apu monga YouTube kuchokera pa foni. Tivi ikamva funsolo imayankha kuti ndili pano, dzina langa ndi lakuti, adiresi yanga ndi iyi, ndipo pokhapo mpamene dzina lake limatulukira pa mndandanda wa pa foni. Mukalidina foni imalumikizana nayo mwachindunji, kwa Chromecast ndi pa poti 8009.

Tsono kuitana kuja kuli ndi malire ake, ndipo malirewo anaikidwa dala. Ma adiresi onse oyamba ndi 224.0.0 anawapatula kuti azigwira ntchito mkati mwa netiweki imodzi yokha, rauta siloledwa kuwaolotsa kupita nawo ku netiweki ina. Pali chifukwa chomveka, bwenzi funso la foni yanu likufika kwa aneba ndi dziko lonse, tivi iliyonse nkumayankha. Ndiye ngati pakati pa foni ndi tivi pali rauta yomwe ikulekanitsa ma netiweki awiri, funso limathera pomwepo. Tivi siimva kalikonse, siiyankha, ndipo foni imaganiza kuti kulibe tivi. Palibe uthenga wa vuto womwe ungakuuzeni zimenezi chifukwa kwa foniyo palibe chalakwika, yafunsa ndipo palibe wayankha basi.

Chomwe chimasokoneza anthu kwambiri ndi choti timaweruza ndi dzina la waifai. Tikaona dzina lomwelo pa foni ndi pa tivi timati zili pamodzi, tikaona maina osiyana timati zasiyana. Zonse ziwirizi zikhoza kunamiza. Ma rauta ambiri amaulutsa maina awiri, lina la 2.4 GHz lina la 5 GHz lomwe nthawi zambiri limathera ndi 5G, ndipo anthu amalimbana nazo kuti foni ndi tivi zikhale pa dzina limodzi, koma mu rauta yabwinobwino awiriwa ndi makomo awiri olowera mchipinda chimodzi, pamodzi ndi mabowo a kebulo a kumbuyo aja. Chromecast yoyambirira ya 2013 inkangogwira 2.4 GHz yokha, ndipo anthu ankakasitira pa iyo kuchokera pa foni zomwe zili pa 5 GHz popanda chovuta. Kumbali ina, mabokosi awiri osiyana akhoza kupatsidwa dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi koma lililonse lili ndi netiweki yakeyake. Chomwe sichinama ndi adiresi ya IP.

Ndikuuzeni za kunyumba kwa achimwene anga chifukwa nkhani yake ndi ya nyumba zambiri. Ali ndi rauta yomwe inabwera ndi kampani ya intaneti, ili pabalaza pafupi ndi tivi, ndipo tiviyo anailumikiza ndi kebulo kuti mavidiyo asamadukeduke. Waifai ya rauta imeneyi simafika bwino kuzipinda, ndiye anagula rauta yachiwiri, anakoka kebulo kuchoka pa yoyamba nkukailowetsa pa bowo lolembedwa WAN la yachiwiriyo monga mmene kapepala ka mkatoni kamanenera, ndipo kuti zisavute anaipatsa dzina la waifai ndi pasiwedi zofanana ndi yoyamba. Intaneti inayamba kufika paliponse ndipo aliyense anasangalala. Koma kukasita kunayamba kuchita zachilendo, tsiku lina kutheka, tsiku lina ayi, foni ya alamu ikuiona tivi pomwe ya achimwene siikuiona, onse atakhala pa mpando umodzi.

Ndinawapempha kuti atsegule masetingi a netiweki pa tivi awerenge adiresi. Inali 192.168.1.23, ndipo pa Gateway, pomwe pamakhala adiresi ya rauta, panalembedwa 192.168.1.1. Pa foni ya alamu, polowa pa Wi-Fi nkudina dzina la netiweki kuti tione tsatanetsatane, tinapeza 192.168.1.41. Pa ya achimwene panali 192.168.0.104, Gateway yake 192.168.0.1. Nkhani inathera pomwepo. Pa ma netiweki ambiri a mnyumba pamalembedwa Subnet mask 255.255.255.0, kutanthauza kuti magawo atatu oyamba a adiresi ndi dzina la netiweki, gawo lomaliza lokha ndi la chipangizocho. Tivi ndi foni ya alamu zinali pa 192.168.1, ya achimwene pa 192.168.0. Iwo anali atachokera kuchipinda, foni yawo inagwira rauta yachiwiri kumeneko ndipo atabwera pabalaza inakakamirabe komweko chifukwa siginolo inali isanafooke mokwanira kuti isinthe. Mafoni amatero, sathamangira kusiya waifai yomwe ikugwirabe. Ndiye kutheka kapena kulephera kwa kasiti kunkadalira chipinda chomwe munthu wachokera.

Apa pali kanthu kena komwe ndikufuna mukaone bwino, chifukwa kamapusitsa ngakhale anthu odziwa makompyuta. Pa laputopu yomwe inali pa rauta yachiwiri ndinalemba lamulo la ping, lomwe limayesa ngati chipangizo cha pa adiresi inayake chikuyankha:

```
ping 192.168.1.23
```

Tivi inayankha bwinobwino. Munthu akhoza kunena kuti ndiye kuti zikuonanatu, vuto si netiweki. Koma ayi. Rauta yachiwiri imaona chilichonse cha kuseri kwa bowo la WAN ngati kunja, ngati intaneti, ndipo imalola uthenga wolembedwa adiresi yeniyeni kutuluka nkubweza yankho lake. Ndi ntchito yake imeneyo. Chomwe siilola ndi kuitana kwa kugulu kuja, komanso siilola kuti wakunja ayambe yekha kulankhula ndi wamkati. Ndiye njira yopita ku tivi inalipo, koma foni inalibe podziwira kuti kuli tivi yoti ipiteko. Kuti ndionetse kusiyana kwake ndinafunsa funso lomwelo lomwe foni imafunsa, pa Linux limalembedwa chonchi:

```
avahi-browse -rt _googlecast._tcp
```

ndipo pa Mac ndi `dns-sd -B _googlecast._tcp`. Pa rauta yachiwiri sipanatuluke kanthu. Nditasamutsira laputopu ku rauta yoyamba, dzina la tivi linatulukira nthawi yomweyo pamodzi ndi adiresi yake ndi poti 8009.

Kukonza kwake ndi kuiuza rauta yachiwiri kuti isiye kukhala rauta, ingokhala chofalitsira waifai cha netiweki yoyamba ija. Ma rauta ambiri a masiku ano ali ndi posankha, pamalembedwa Operation Mode kapena zofanana nazo, mumasankha Access Point, ena amalemba Bridge Mode, kenako imadzizimitsa nkuyakanso. Ya achimwene inalibe zimenezo ndiye tinachita pamanja, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika kuitsata bwino kuti musadzitsekere kunja. Tinazula kaye kebulo yochokera ku rauta yoyamba. Tinalowa pa 192.168.0.1, nkusintha adiresi ya LAN ya rauta yachiwiriyo kukhala 192.168.1.2, titaonetsetsa kuti nambala imeneyi siili mgulu la ma adiresi omwe rauta yoyamba imagawa ndipo palibe china chikuigwiritsa. Itayakanso tinalowa pa adiresi yatsopanoyo nkuzimitsa DHCP Server, chomwe chimagawa ma adiresi chija, chifukwa mu netiweki imodzi wogawa ayenera kukhala mmodzi, akakhala awiri zipangizo zina zimalandira adiresi yolakwika ndipo intaneti imayamba kusowa mosadziwika bwino. Chomaliza tinabweza kebulo koma pa bowo la LAN, la WAN lija nkulisiya lopanda kanthu. Mafoni onse tinazimitsa waifai nkuyatsanso kuti atenge ma adiresi atsopano. Ya achimwene inalandira 192.168.1.57, ndipo tivi inaoneka pa mndandanda ali kuchipinda komweko.

Ngati bokosi lachiwirilo ndi la meshi, gulu la mabokosi ofalitsa waifai imodzi mnyumba monse, ndipo mumalikonda chifukwa cha zinthu zake monga kuletsa ana intaneti usiku, dziwani kuti ena amataya zimenezo mukawaika pa Access Point. Pamenepo njira yabwino ndi yotembenuza, kusamutsira chilichonse kuseri kwa meshi, kebulo ya tivi ichoke pa rauta ya kampani ilowe pa bokosi la meshi, ndipo waifai ya rauta ya kampaniyo izimitsidwe kuti pasapezeke wogwirako mwangozi. Cholinga ndi chimodzi, mnyumba mukhale netiweki imodzi yomwe zipangizo zonse zikukhalamo. Tima ekisitenda tolowetsa pa soketi tija natonso tina timapanga kanetiweki kawokawo, ndiye ngati muli nako yang'anani adiresi ya foni mukakhala kuti mwagwira kameneko.

Chenjezo limodzi pa nkhani yoyerekeza manambala. Ma rauta ambiri amabwera ku fakitale ndi 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ndiye zimatheka kuti foni ili pa netiweki ina, tivi pa ina, koma zonse zikuonetsa 192.168.1 mwangozi chabe, mwachitsanzo tivi inagwira waifai ya nyumba ina yomwe munailowetsapo kalekale. Mukakayikira lowani mu rauta yanu muone mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, zonse ziwiri ziyenera kupezeka pamenepo. Ndipo mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, chipangizocho sichinalandire adiresi kwa rauta, changodzipatsa chokha, limenelo ndi vuto lina loyenera kulikonza kaye musanaganize zokasita.

Tsopano netiweki ya alendo, yomwe pa rauta imalembedwa Guest Network. Iyi ndi yosiyana ndi ya ma rauta awiri ija chifukwa apa kulekanitsako si ngozi, ndiye ntchito yake yeniyeni. Inapangidwa kuti mlendo apeze intaneti koma asafike pa laputopu yanu, pa pulinta, pa makamera ndi pa masetingi a rauta. Tivi nayo ili mgulu la zinthu za mnyumba zomwe mlendo sakuyenera kuziona, rauta siidziwa kuti tivi ndi yosaopsa. Ndiye mnzanu akabwera mwamupatsa pasiwedi ya alendo, akufuna akuonetseni zithunzi pa tivi, sizitheka, ndipo palibe chaonongeka. Chomwe chimachitikanso kawirikawiri ndi choti foni yanu yomwe inalowapo pa netiweki ya alendo tsiku lina poyesa, inasunga pasiwedi, ndiye nthawi zina imadzigwirira yokha kumeneko inu osadziwa. Kapena amene anadzakuikirani tivi anapatsidwa pasiwedi ya alendo, tivi nkukhazikika kumeneko mpaka lero.

Ma rauta amachita kulekanitsaku mnjira ziwiri ndipo zimaoneka mosiyana mukayang'ana manambala. Ena amapatsa alendo ma adiresi akeake, mwina a mnyumba ali pa 192.168.1 alendo pa 192.168.2 kapena nambala ina, pamenepo kuyerekeza kuja kumakuuzani nthawi yomweyo. Ena amapatsa alendo ma adiresi a mgulu lomwelo, foni 192.168.1.60 tivi 192.168.1.23, zikuoneka ngati zili pamodzi ndithu, koma rauta ikutaya uthenga uliwonse wochoka kwa mlendo kupita kwa chipangizo cha mnyumba. Apa mpamene ping imathandiza, chifukwa imalephera ngakhale manambala akufanana. Kungoti tivi ikhale yoyaka poyesa, yambiri ikagona siiyankha ping ndiye mukhoza kuganiza molakwika.

Anthu ambiri akazindikira izi amaganiza kuti chabwino, ndiike zonse ziwiri pa netiweki ya alendo, zikhala pamodzi. Nthawi zambiri sizigwirabe, ndipo chifukwa chake ndi chinthu chachitatu chotchedwa AP Isolation kapena Client Isolation, ena amalemba Wireless Isolation. Pa waifai mafoni awiri salankhulana mwachindunji ngakhale ali pa tebulo limodzi, uthenga umapita kaye ku rauta kenako rauta nkuupereka kwa winayo. Isolation ikayatsidwa rauta imakana kupereka, aliyense amangolankhula ndi intaneti basi. Pa netiweki ya alendo izi zimakhala zoyatsidwa kale pa ma rauta ambiri chifukwa alendo sadziwana, ndipo pa ma rauta ena zimapezeka zoyatsidwa ngakhale pa waifai yaikulu, mwina wina anadina poganiza kuti ndi chitetezo chowonjezera. Chizindikiro chake ndi chomwechija, manambala ofanana, intaneti ilipo, ping ikulephera.

Posintha zimenezi mumalowa mu rauta pa adiresi ya Gateway ija kudzera pa brauza, kapena pa apu ya rautayo. Pa TP-Link pa tsamba la Guest Network pamakhala timabokosi tiwiri, Allow guests to see each other ndi Allow guests to access my local network. Pa Asus pamalembedwa Access Intranet. Kusiyana kwa tiwiri ta TP-Link tija nkofunika. Koyamba kamangolola alendo kuonana okhaokha, ndiye ngati tivi mwaiika pa netiweki ya alendo, mlendo akhoza kukasita koma laputopu yanu osaifika. Kachiwiri kamagwetsa mpanda wonse, mlendo amakhala ngati wa mnyumba, ndipo pamenepo netiweki ya alendoyo yangotsala dzina. Ine sindilimbikitsa kachiwiriko kungofuna kuonetsa vidiyo imodzi. Ngati mlendoyo ndi mbale amene mumamukhulupirira mpatseni pasiwedi yaikulu, ngati ndi malo omwe anthu osiyanasiyana amabwera monga chipinda cha misonkhano kapena nyumba yogonamo alendo, ikani tiviyo ku netiweki ya alendo nkulola koyamba kokha, podziwa kuti inu a mnyumba mudzafunika kusamukira komweko mukafuna kukasita. Ma rauta ena monga Nest Wifi ali ndi njira yapakati, mumasankha zipangizo zingapo za mnyumba zomwe alendo aziona, tivi yokha mwachitsanzo, zina zonse nkukhala zobisika.

Ku hotelo, ku hositelo ya sukulu ndi ku maofesi akuluakulu mulibe mphamvu pa rauta, ndipo kumeneko isolation ndi yoyenera ndithu, simungafune kuti munthu wa chipinda china aziponya zake pa tivi yanu kapena kuona foni yanu. Palinso katsamba kolowera kaja kofuna nambala ya chipinda kapena kuvomereza malamulo, Chromecast yopanda rimoti ilibe brauza yodinira pamenepo ndiye siifika nkomwe pa intaneti. Chomwe chimagwira kumeneko ndi kupanga netiweki yanuyanu, kaya ndi karauta kakang'ono kapaulendo komwe kamagwira waifai ya hotelo nkuulutsa yanu, kapena hotisipoti ya foni ina, tivi ndi foni yokasitira zonse nkulowa pamenepo. Pa hotisipoti kumbukirani kuti vidiyo yonse idya bandulo ya foni imeneyo. Ku ofesi komwe ma netiweki anagawidwa dala, a makompyuta ndi amene angaolotse kuitana kuja pogwiritsa chobwereza mDNS, pa Avahi, pulogalamu ya mDNS ya pa Linux, ndi mzere uwu mu `avahi-daemon.conf` pansi pa `[reflector]`:

```
enable-reflector=yes
```

Koma chobwerezachi chimangopangitsa dzina la tivi kuoneka pa mndandanda, ayeneranso kutsegula njira pa fayawo, mpanda wotchinga mauthenga pakati pa ma netiweki, kuti foni ifike pa poti 8009 ndi ena ofunika, apo ayi mumaona tivi, mwadina, ikungoti ikulumikiza mpaka kulephera. Mukaona zoterezi, dzina likuoneka koma kulumikiza kukukanika, dziwani kuti funso likudutsa koma njira yachindunji ndi yotseka, mosemphana ndi za kwa achimwene zija.

Pali china chomwe chimapangitsa anthu kukana kuti vuto ndi netiweki. Amati koma YouTube imakasita bwinobwino, ndiye zingakhale bwanji kuti sizikuonana? YouTube ili ndi njira yachiwiri. Pa tivi mu Settings muli Link with TV code, imakupatsani manambala oti mulembe pa foni, ndipo mukatero foni ndi tivi zimalankhulana kudzera ku makompyuta a YouTube pa intaneti, osati mkati mwa nyumba. Foni imangouza YouTube kuti sewera vidiyo yakuti pa tivi ija, tivi nkuikoka yokha. Izi zimatheka ngakhale foni ili pa data ya simu. Ndiye kutheka kwa YouTube si umboni woti netiweki ili bwino, koma ndi njira yabwino yopulumukira mukakhala pa waifai ya alendo yomwe simungaisinthe. Malire ake ndi oti ndi ya YouTube yokha, sikirini ya foni kapena zithunzi za mgalare sizingadutse pamenepo.

Chimodzimodzi Miracast, yomwe inatuluka mu 2012 ndipo pa mafoni ena imabwera ndi maina monga Smart View kapena Wireless display. Iyoyo imagwiritsa Wi-Fi Direct, foni imalumikizana ndi tivi mwachindunji osadutsa pa rauta, ndiye nkhani yonse ya ma netiweki osiyana siikhudza kwenikweni. Nchifukwa chake pa tivi imodzi yomweyo foni ina imaonetsa sikirini yake pomwe ina ikulephera, zikugwiritsa njira zosiyana ngakhale tonse timangoti kukasita. Chromecast siilandira Miracast ndipo iPhone siitumiza Miracast, ndiye njira imeneyi si ya aliyense.

Nanga ngati manambala akufanana, zonse zikuoneka mu rauta imodzi, ping ikuyankha, koma tivi siikuonekabe? Pamenepo njira yachindunji ilipo, chomwe chikutayika ndi funso lija, ndipo nthawi zambiri likutayikira pa foni pomwepo. Yambani ndi VPN, ikakhala yoyaka imatenga uthenga wa foni nkuupititsa kunja kudzera mu ngalande yake, ndiye foni ili pa waifai yanu koma ikukhala ngati ili kwina. Izimitseni muyese, ndipo ngati mumaifuna nthawi zonse yang'anani mmasetingi ake ngati muli polola netiweki ya mnyumba, ambiri ali napo. Ma apu ena otsekereza zotsatsa amagwiranso ntchito ngati VPN ngakhale satchedwa choncho, mudzaona kakiyi kapena mawu a VPN pamwamba pa sikirini. Pa iPhone kuyambira iOS 14 ya mu 2020 apu iliyonse imayenera kupempha chilolezo chofufuza zipangizo za mnyumba, kafunso kake kamabwera kamodzi mutangoika apu ndipo ambiri timadina kukana mosaganizira. Mukakana apu imeneyo siidzaonanso tivi pomwe ma apu ena akuiona, ndipo kukonza kwake ndi ku Settings, Privacy & Security, Local Network, nkuyatsa pa dzina la apuyo. Ngati apu imodzi yokha ndi yomwe ikulephera, yambirani kumeneko musanakhudze rauta.

Foni ikakhala yoyera pa zonsezi, chotsala ndi rauta yomwe ikulephera kupereka uthenga wa kugulu pakati pa waifai ndi kebulo kapena pakati pa 2.4 ndi 5 GHz. Zimachitika pa ma rauta ena, ndipo apa pokha mpamene malangizo oti ikani zonse pa bandi imodzi amathandizadi. Muyese dala, foni ndi tivi zonse pa 2.4 GHz, ngati tivi yaoneka ndiye kuti mwapeza pomwe funso likuthera. Mu masetingi yang'anani mawu monga Multicast kapena IGMP Snooping, sinthani chimodzi muyese, chikapanda kuthandiza chibwezeni mmene chinalili musanakhudze china, ndipo onani ngati rautayo ili ndi pulogalamu yatsopano yoti iikidwe. Mukasintha chilichonse tsekani apu yokasitira nkuitsegulanso, chifukwa mndandanda wa zipangizo umasungidwa kwa kanthawi ndipo ukhoza kukuonetsani zakale pomwe mwakonza kale.